Ana kuwerengerana makalata m'kalasi: zimakonzedwa bwanji kuti zisakhale kungochongerana?

Pa msonkhano wa makolo temu yathayi pasukulu ina kuno ku Kasungu, bambo wina anaimirira atagwira kope la mwana wake, nkulitsegula pamaso pa anthu onse. Pansi pa kalata yomwe mwanayo analemba panalibe cholembera chofiira cha aphunzitsi, panali timawu ta pensulo tolembedwa ndi mwana mnzake. Bamboyo anati, "Aphunzitsi, tiuzeni, inu mumalipidwa kuti muzitani ngati ana athu akuchongerana okhaokha? Wakhungu angatsogolere wakhungu mnzake?" Anthu ena anaomba m'manja, aphunzitsi ena anayankha kuti izi nzimene amaphunzitsa ku koleji, ndiye nkhani inathera pomwepo popanda wina kumvetsa mnzake.

Ine ndimaphunzitsa Chichewa Sitandade 6, ndipo ndinaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Pali kuchongerana komwe kulidi kutaya nthawi ya mwana, pali kwina komwe mwana amaphunzirapo kuposa momwe akanaphunzirira pa tiki yofiira. Kusiyana kwake kumachitika mphunzitsi asanalowe n'komwe m'kalasi, pomwe akulemba lesoni pulani usiku uja.

Kodi kwenikweni ndi chani?

Amene anadutsa ku koleji, kaya pa Kasungu TTC pompa kaya kwina, anamvapo mawu oti selefu asesimenti ndi piya asesimenti. Loyambalo ndi kudziunika, mwana kuwerenga zomwe walemba yekha nkuziyerekeza ndi zomwe zimafunika. Lachiwirilo ndi kuunikana, mwana kuwerenga za mnzake wa msinkhu wake nkumuuza pomwe pali bwino ndi pomwe pakusowa kanthu. Kuchokera apa ndizingoti kudziunika ndi kuunikana.

Mawu oti "zomwe zimafunika" ndi pomwe pagona nkhani. Chiyambire maphunziro a PCAR omwe anayamba kulowa m'mapulayimale mu 2007, mabuku a mphunzitsi amakhala ndi zizindikiro za kakhozedwe, kutanthauza zinthu zomwe mwana azichita zosonyeza kuti phunziro lalowa. Ambirife timazikopera mu pulani kuti ahedi kapena a PEA, alangizi a maphunziro oyendera masukulu aja, akabwera azipeze, basi nkutseka buku. Kudziunika ndi kuunikana ndi kuchotsa zizindikirozo mu pulani ya mphunzitsi nkuzipereka m'manja mwa mwana, m'mawu oti iye amve.

Ife a ku Kasungu tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Mwana amaphunzira bwanji kusankha fodya? Palibe amene amamuuza kuti "sankha bwino" nkumusiya yekha m'chigafa. Amamuikira masamba patsogolo, ili lalitali loyera, ili lang'ambika, ili lachita nkhungu, ili la pansi, ndiye iye amatenga tsamba nkulifanizira ndi zitsanzozo, amalakwitsa, mchimwene wake nkumuuza kuti ayi ilo ika uko. Pakutha pa sizoni diso lake limaona lokha. Ndipo chifukwa chosankhira ndi chakuti belo losakaniza likakafika ku msika wa fodya wa Chinkhoma limabwezedwa kapena kugulidwa motchipa, ndiye bola kuliona vutolo lisanadindidwe. Kalata ya mwana nayonso tikufuna aione yekha vuto lake isanafike pa tebulo la aphunzitsi, ndipo tsiku lina isanafike kwa ochonga a MANEB komwe kulibe mnzake womunong'oneza.

Katswiri wina wa ku Australia, Royce Sadler, analemba mu 1989 kuti wophunzira amapita patsogolo akakhala ndi zinthu zitatu: adziwe kuti ntchito yabwino imaoneka bwanji, athe kufanizira yake ndi yabwinoyo, ndipo achitepo kanthu kuti atseke mpata womwe ulipo. Chachitatucho ndi chomwe timachiiwala kwambiri, ndibwereranso pamenepo.

Pulani imayambira kumapeto

Vuto loyamba ndi nthawi. Piriyodi ya makalasi aakulu ndi mphindi 35, ndipo zomwe zimachitika nzakuti mphunzitsi wafotokoza, ana ayamba kulemba, ena akusaka cholembera ena akung'amba pepala pa kope la mnzawo, kenako mphunzitsi wayang'ana foni waona kuti zatsala mphindi zitatu ndiye akuti "sinthanani makope muchongerane". Izi ndi zomwe bambo uja amadandaula, ndipo pamenepo sanalakwe. Mphindi zitatu mwana sangawerenge n'komwe kalata ya mnzake, amangoika tiki nkulemba 10/10 kuti asadane.

Ine phunziro lolemba lomwe ndikufuna kuti ana aunikane ndimaliika pa mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 70, ndipo ndimayamba ndadula mphindi 25 za kumapeto nkuziika padera ngati ndalama ya feteleza, zosakhudza. Zotsalazo 45 ndi zomwe ndimagawa, 10 zoona chitsanzo ndi zizindikiro, 35 zolemba. Zomaliza 25 zija zimayenda chonchi: 5 mwana adziunike, 10 aunikane awiriawiri, 7 akonze, 3 ine ndione momwe kalasi yachitira.

Ukadula nthawi chonchi umakakamizika kuchepetsa ntchito yolemba. Sungawauze kuti alembe chimangirizo cha tsamba lathunthu mu mphindi 35, kalata ya ndime zitatu zazifupi ndi yokwanira. Ngati tayimutebulo silola mapiriyodi awiri, ndi bwino alembe lero, mawa ayambe ndi kuunikana, kusiyana nkupanikiza zonse mu 35. Kungoti makopewo agone kusukulu, chifukwa akapita kunyumba ena amabwera atalembedwa ndi achemwali a ku sekondale ndipo ena sabwera n'komwe.

Zizindikiro zoti mwana angaloze ndi chala

Tiyeni titenge phunziro lenileni. Ntchito inali iyi: lembani kalata kwa agogo anu yowauza kuti mudzapita kukawaona pa holide, muwauze tsiku lomwe mudzafike, momwe mudzayendere, ndi ntchito yomwe mudzawathandize.

Ulendo woyamba nditayesa kalekale, ndinalemba pa bolodi kuti kalata ikhale yomveka, yosangalatsa, yaulemu komanso ya Chichewa chabwino. Zinkaoneka zanzeru, koma ana onse anati za anzawo nzomveka, nzosangalatsa. Sanali kunama, kungoti mawu ngati "yomveka" alibe poligwira, mwana wa zaka 12 alibe muyeso wake. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa funso limodzi pa chizindikiro chilichonse: kodi mwana angaike chala pa kope nkunena kuti "ndi ichi apa"? Ngati sangaloze, ndimachichotsa kapena kuchiphwanya.

Za kalata ya agogoyi zinatuluka zinayi. Choyamba, keyala ndi tsiku zilipo pamwamba, malonje alipo, ndipo mawu otsiriza ndi dzina zilipo pansi. Chachiwiri, zinthu zitatu zija zatchulidwa, tsiku, mayendedwe ndi ntchito. Chachitatu, agogo akulankhulidwa mwaulemu kuyambira pamwamba mpaka pansi, "inu" ndi "muli", osati "iwe" ndi "uli". Chachinayi, chiganizo chilichonse chayamba ndi lemba lalikulu ndipo chatha ndi mpumiro kapena mfunsiro.

Mwaona kuti "yaulemu" ija yasanduka chinthu chosakika. Mwana amayendetsa chala, akapeza "ndikubweretsera" mmalo mwa "ndikubweretserani" amadziwa kuti wagwira kanthu. Ndipo zinayi nzokwana. Ndinaonapo chekilisiti ya zinthu 12 yomwe mnzanga wina anabwera nayo kuchokera ku maphunziro, yolembedwa bwino ndithu, koma ana ankafika pa chachisanu nthawi itatha, ndipo ambiri ankangoika tiki kutsika mmunsi osawerenga.

Mwina mwadabwa kuti kalembedwe ka mawu, masipelo aja, mulibemo. Ndinasiya dala. Tsiku lina mtsikana wina analemba bwinobwino "ndidzabwera", mnzake nkumudulira ndi chidaliro chonse nkulemba "ndidzabwela", mtsikanayo nkukopera cholakwikacho. Lamulo loti r amabwera pambuyo pa i ndi e pomwe l amakhala malo enawo, ana ambiri salidziwa, ife akulu omwe pa foni timangolemba momwe tafunira. Komanso kumpoto kwa boma lino, chakuma Nkhamenya uko, ana ambiri kunyumba amayankhula Chitumbuka, ndiye zikasakanikirana mnzake amatha kumuseka mmalo momuthandiza. Masipelo ndimalola mwana kungojambula kamzere pansi pa liwu lomwe akukayikira, osalikonza, ine ndidzaona. Pokhapokha ngati sabata imeneyo ndaphunzitsa lamulo limodzi la kalembedwe, pamenepo limalowa ngati chizindikiro palokha.

Kalata yolakwika dala

Mphindi 10 zoyambirira zija si zongowerenga zizindikiro mokweza ayi. Ndimabwera ndi kalata yomwe ndalemba ndekha pa tchati, kapena kuseri kwa kalenda yakale, kapena pa bolodi pa buleki ngati mapepala palibe, ndipo ndimailakwitsa dala malo awiri kapena atatu. Ya tsiku limenelo inali ndi keyala koma yopanda tsiku, ndime yoyamba inali yaulemu, yachiwiri inati "ndidzakuthandiza kukolola mtedza", ndipo sinanene kuti mwanayo adzayenda bwanji.

Ndiye ndimafunsa, chizindikiro choyamba chakwana? Ana amakuwa kuti eee. Ndimati wina abwere aloze tsiku. Amabwera, amasaka, kalasi nkuyamba kuseka itazindikira kuti palibe. Kuseka kumeneko ndi kwabwino chifukwa akuseka aphunzitsi, osati mnzawo, ndipo aphunzira kuti "eee" wopanda chala sawerengedwa. Osatenga kope la mwana wa m'kalasi momwemo kukhala chitsanzo cha zolakwika, ngakhale mutabisa dzina, ana amadziwana zolemba ngati momwe amadziwira mbuzi za kwawo.

Pomwepo ndimawaonetsanso kanenedwe kake. "Sunalembe bwino" sithandiza. "Sunawauze agogo kuti udzakwera chani" imathandiza, chifukwa wolemba akudziwa chochita.

Ayambe wadziona yekha

Nthawi yolemba ikatha, ngakhale ena asanamalize, zolembera pansi. Amene sanamalize aunika zomwe zilipo. Aliyense amalemba manambala 1 mpaka 4 pansi pa kalata yake, kenako amawerenga kalata yake chamumtima kapena monong'ona, ndipo akapeza umboni wa chizindikiro amaika nambala yake m'mbali mwa mzere womwe uli ndi umboniwo. Pa chizindikiro chachiwiri aike 2 katatu, pa tsiku, pa mayendedwe, pa ntchito. Akapeza malo awiri okha ndiye kuti wadziwa yekha chomwe chasowa.

Ena amagwiritsa ntchito tinkhope tosekerera ndi tokwiya, kapena kukweza chala chachikulu, kuti mwana aonetse momwe akuonera ntchito yake. Nzosavuta ndipo kwa ana aang'ono zili ndi malo ake, koma zimakuuza momwe mwana akumvera mumtima, osati zomwe zili pa pepala. Mnyamata wodzidalira amajambula nkhope yosekerera pa mizere iwiri yopanda mutu, mtsikana wamanyazi yemwe walemba kalata yabwino kuposa onse amajambula yokwiya. Nambala m'mbali mwa mzere siyendera mtima.

Chifukwa choyambira ndi kudziunika nchakuti zolakwika zosavuta mwana azichotse yekha, mnzake asataye mphindi zake pa tsiku loiwalika, komanso kuti akamasinthana makope akhale ali kale ndi maganizo ake, asangomeza chilichonse chomwe wauzidwa.

Ndani akhale ndi ndani

Apa ndiye pamafunika kuganiza usiku. M'kalasi mwanga muli ana 90 ndi kadontho, ambiri amakhala pansi, kusuntha anthu kumadya mphindi zisanu zokha. Ndiye magulu a awiriawiri ndimawakonza phunziro lisanayambe, akhale kale moyandikana, ndipo amakhala omwewo kwa masabata angapo.

Anzake apamtima ndimawalekanitsa chifukwa amangoyamikirana. Amene ali pa udani nawonso ayi. Ndipo kutenga wanzeru kwambiri kumuphatikiza ndi amene akuvutika kwambiri, komwe ambiri timaganiza kuti nkothandiza, pa kulemba sikuyenda bwino kawirikawiri: wanzeruyo amangolanda kope nkulemba yekha, winayo alibe choti anene pa kalata ya mnzake koma "zili bho". Bola osiyana pang'ono, oti aliyense ali ndi chopereka. Kwa ana omwe kuwerenga kumawavutabe, ndipo mu Sitandade 6 alipo tisanamizane, ndimapanga gulu la atatu, wolemba amawerenga kalata yake mokweza, enawo amamvetsera ngati zinthu zitatu zija zamveka. Khutu limagwira zomwe diso silinathe.

Lamulo lina laling'ono koma lofunika: makope onse awiri asatsegulidwe nthawi imodzi. Kope limodzi pakati, mitu iwiri pamwamba pake, mphindi zisanu, ine nkuomba m'manja, kenako linalo. Akangosinthana aliyense nkuyang'ana kumbali, sipakhala kukambirana, pamakhala kuchonga. Cholembera chimakhala m'manja mwa mwini kalata, mnzakeyo amalemba pansi pokha ndi pensulo zinthu ziwiri, chimodzi chomwe chili bwino ndi chimodzi choti chikonzedwe, chilichonse ndi nambala ya chizindikiro chake.

Nayi ndime ya mnyamata wina tsiku limenelo, ndaisiya momwe inalili:

"Agogo ndidzabwera pa 20 Disembala. ndikadzafika ndidzakuthandiza kupalira chimanga ndi kudyetsa mbuzi ndakusowani kwambiri"

Podziunika iye anaika 2 kawiri, pa tsiku ndi pa ntchito, ndipo anazindikira yekha kuti mayendedwe palibe. Pa ulemu anadzipatsa tiki, chifukwa anaona "ndakusowani". Mtsikana yemwe anali naye anayendetsa chala nkuima pa "ndidzakuthandiza". Ndinali chapafupi ndinamva akuti, "Iwe, agogo ako umawauza chonchi?" Mnyamatayo anati, "Aaa, ndaiwala ni." Mtsikanayo analemba pansi kuti: "2, watchula ntchito ziwiri zenizeni. 3, ika ni pa ndidzakuthandiza." Za lemba laling'ono pa "ndikadzafika" ndi mpumiro wosowa onse awiri sanazione. Zilibe kanthu, sitinayembekeze kuti agwire zonse.

Bwanji osapatsana malikisi?

Ana amafuna, amafunsa kuti "Sala, tiike ma out of angati?" pena mochita kusakaniza zilankhulo chomwecho, ndipo makolo nawonso amafuna nambala. Koma nambala ikangolowa, kukambirana kumasanduka malonda, ndipatse 8 nane ndikupatsa 8. Pali kafukufuku wodziwika wa Ruth Butler wa mu 1988 ku Israel, yemwe anapatsa ana ena malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Omwe analandira ndemanga zokha ndi omwe anachita bwino pa ntchito yotsatira, ndipo omwe analandira zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi a malikisi okha, ngati kuti nambala inaphimba ndemanga. Kumeneko ndemangazo sizinkachokera kwa ana anzawo, koma zomwe ndimaona m'kalasi nzofanana: mwana akaona nambala amayang'ana ya mnzake, mawu ali pansiwo sawerenga.

Komanso zomwe ana apatsana sizilowa mu buku la malikisi a temu. Izi makolo ayenera kuzidziwa, chifukwa nkhawa ya bambo uja mbali ina inali yoti mwana wake alephera chifukwa cha mwana wa eni. Malikisi olowa pa lipoti amachokera kwa mphunzitsi basi.

Mphindi zisanu ndi ziwiri zomwe zimadyedwa

Tabwerera pa chachitatu cha Sadler chija. Ndemanga ikalembedwa belu nkulira, kope nkutsekedwa, palibe chomwe chachitika. Zili ngati kusankha fodya bwinobwino kenako nkumuunjikanso pamodzi podinda. Ndiye mphindi 7 zokonza zisabedwe, ndipo nthawi ikathina bola kufupikitsa kuunikana kusiyana nkudumpha kukonza.

Sakopera kalata yonse ayi, nthawi palibe ndipo mapepala a kope ndi ndalama. Amaika kanyenyezi pomwe pakusowa kanthu, nkulemba chiganizo chokonzedwacho pansi. Mnyamata uja anaonjezera "ni" wake, kenako pansi analemba kuti, "Ndidzakwera minibasi mpaka pa Santhe, kuchokera pamenepo ndidzakwera kabaza." Chizindikiro chachiwiri chakwana, ndipo kalata yakhala yoti agogo angadziwe pokamuchingamira.

Mwini kalata ali ndi ufulu wokana zomwe mnzake wanena. Ngati sakugwirizana aika mfunsiro m'mbali, ndipo makope a mfunsiro ndi omwe ndimayamba kuona. Izi zimateteza ana ngati mtsikana wa "ndidzabwera" uja.

Nanga mphunzitsi akutani nthawi yonseyi?

Sakhala pa mpando. Ndimayenda ndikumvetsera, ndipo ndimakhala nditasankha kale magulu asanu kapena asanu ndi limodzi omwe ndikaime pafupi nawo tsiku limenelo. Mphindi 3 zomaliza ndimafunsa chizindikiro chimodzichimodzi kuti amene anakonza pa nambala imeneyi akweze mkono. Ndimafunsa amene anakonza, osati amene analakwa, manja amakwera mosavuta. Tsiku limenelo pa nambala 2 ndi 3 manja anali ambiri, pa nambala 4 anali ochepa zedi.

Manja ochepa angatanthauze kuti onse anakhoza, kapena kuti palibe amene akuona vutolo. Kuti ndidziwe ndimatenga makope 10 mpaka 12, osakaniza anzeru, apakati ndi ovutika, nkufanizira zomwe ana ananena ndi zomwe ine ndikuona. Pa makope amenewo ambiri anali ndi tiki pa nambala 4 koma mipumiro ikusowa ngati ya mnyamata uja. Apo ndinadziwa kuti vuto si ulesi wa ana, sadziwa pomwe chiganizo chimathera, ndiye sangaunike chinthu chomwe sachiona. Mu gawo lija la pansi pa lesoni pulani lomwe mphunzitsi amalembamo momwe phunziro layendera, mmalo mwa "phunziro linayenda bwino" wa masiku onse, ndinalemba kuti chizindikiro 4 ana sakuchiona, Lachinayi tiwerenge ndime mokweza nkumaomba m'manja pomwe mawu apumira.

Zizindikiro zina zoti zinthu sizikuyenda nzosavuta kuona: makope onse ali ndi matiki anayi, ndemanga zonse ndi "walemba bwino" kapena "uzilemba mwaukhondo", kalasi yamaliza mu mphindi ziwiri, kapena pansi pa kalata palibe chiganizo chokonzedwa. Ukaona izi bwerera ku kalata yolakwika dala, ndipo chepetsa zizindikiro zikhale ziwiri. Maulendo atatu kapena anayi oyambirira zimakhala zosokonekera ndithu, phokoso, madandaulo oti "Madamu, uyu akunditukwanira kalata", ndiye amene wayesa kamodzi nkusiya amakhala kuti waona mbali yoipa yokhayokha.

Pomwe siziyenera, ndi pomwe anthu amasiyana maganizo

Pali zinthu zomwe mwana mnzake sangathe: kuona ngati mfundo zatsatana bwino m'chimangirizo chachitali, ngati mwambi wagwiritsidwa ntchito pamalo pake, ngati ndime yagawidwa poyenera. Izi nza mphunzitsi, mpaka ataziphunzitsa mokwanira kuti nazonso zikhale zolozeka. Palinso mitu yomwe sindilola kuti aunikane, ngati "tsiku lomwe sindidzaliiwala", chifukwa mwana wina amalemba za maliro a mayi ake kapena za nkhanza za kunyumba, ndipo pofika pa buleki sukulu yonse yadziwa. Ngati ntchito idzawerengedwa ndi mnzawo, auzeni asanayambe kulemba.

Aphunzitsi ena amati mphindi 25 nzambiri, silabasi ndi yaitali ndipo Sitandade 8 ikudikira, bola ana alembe kwambiri. Ena amawerengera chonchi: makope 90, mphindi zitatu lililonse, ndi mphindi 270, maola anayi ndi theka pa kalata imodzi, ndiye zoona zake nzakuti ana amalemba kamodzi pa mwezi kapena kope limabwera patatha masabata awiri mwana ataiwala zomwe analemba. Onsewa akunena zomwe amakumana nazo. Ndipo makolo omwe amafuna kuona cholembera chofiira nawonso akufunsa chinthu choyenera, kuti munthu wodziwa aziona ntchito ya mwana wawo. Ine ndimasinthasintha makope 12 aja kuti pakutha pa masabata angapo aliyense akhale ataonedwa, ndipo kalata ya mayeso a pakati pa temu ndimachonga ndekha yonse.

Bambo uja anabwera Lolemba lotsatira ndi kope lija. Tinatsegula limodzi, ndinawaonetsa manambala m'mbali, timawu ta pensulo, ndi kanyenyezi komwe mwana wawo anaonjezera chiganizo. Anawerenga kawiri, kenako analoza liwu lina lomwe linali ndi kamzere pansi nkufunsa kuti, "Nanga ili aphunzitsi, mwaliona?" Ndinali ndisanalione, kopelo silinali m'gulu la sabata imeneyo. Ndinatenga cholembera chofiira nkulikonza iwo ali pomwepo.